Mmene tinakambirana za malipiro ndi abwana kwacha itagwa

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika cha m'ma K1,700. Pofika Januwale mitengo ya zinthu inali itakwera kupitirira 30 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Kenaka boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi kuyambira Febuluwale 2024. Nthawi imeneyo ndinali mlembi wa nthambi ya yuniyoni pa fakitale ina yopanga matumba ndi zinthu zina za pulasitiki mu Blantyre, ndipo zokambirana za malipiro a chaka chimenecho zinagwera komiti yathu. Ndikulemba izi chifukwa makomiti ambiri amalowa m'chipinda cha zokambirana ali ndi mkwiyo wokwanira koma opanda masamu, ndipo amatulukamo atanyamula peresenti yomveka bwino m'makutu koma yosafika m'thumba la munthu wotsika.

Choyamba chimene chinatipatsa mpando pa tebulo ndi chiwerengero cha mamembala. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limati yuniyoni ikakhala ndi mamembala okwana 20 peresenti ya ogwira ntchito pamalopo, olemba ntchito ayenera kuivomereza kuti akambirane nayo. Ife tinali titadutsa kale pamenepo, ndipo tinali ndi mgwirizano wolembedwa wotivomereza. Koma 20 peresenti imangokutsegulirani chitseko. Abwana amadziwa bwino lomwe kuti mamembala ndi angati, chifukwa ndalama za umembala zimadulidwa ku ofesi yawo yomwe ya malipiro. Akaona kuti anthu atatu mwa anayi alionse ali m'yuniyoni, amalankhula mosiyana ndi mmene amalankhulira akaona kuti ndi mmodzi mwa anayi. Choncho miyezi ya Disembala ndi Januwale tinaithera polemba anthu atsopano, makamaka a shifiti ya usiku amene misonkhano yathu inkawaphonya.

Tisanalembe kalata yopempha zokambirana, ndinakhala pansi ndi msungichuma wathu kuwerengetsa kuti kampani imalipira ndalama zingati pamwezi kwa anthu amene tikuwaimira. Lamulo lomwelo limalamula mbali zonse kukambirana ndi mtima woona, komanso limapatsa yuniyoni mwayi wopempha uthenga wofunika pa zokambiranazo. Tinapempha mndandanda wa magiledi ndi chiwerengero cha anthu m'giledi iliyonse, popanda mayina. Tinkaimira anthu 200. Anthu 120, onyamula katundu, osoka ndi olongedza, ankalandira K80,000. Anthu 60 oyendetsa makina ankalandira K150,000. Amisiri 20 a magetsi ndi okonza makina ankalandira K300,000. Zonse pamodzi zinali K24.6 miliyoni pamwezi.

Nambala imeneyi ndi imene zokambirana zonse zimazungulira, ngakhale kuti pa tebulo siitchulidwa kawirikawiri. Imatanthauza kuti peresenti imodzi iliyonse imene tikupempha ndi K246,000 pamwezi. Ndipo kwa kampani siithera pomwepo, chifukwa malipiro akakwera, 10 peresenti imene olemba ntchito amaponya ku penshoni imakweranso, 1 peresenti ya TEVET, msonkho wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, imakweranso, ndipo ovataimu imakwera nayo popeza imawerengedwa kuchokera pa malipiro a pa ola. Mukanena kuti “tikufuna 45 peresenti”, akauntanti amene wakhala chete pakona uja amamva “K11 miliyoni pamwezi, ndi zina pamwamba”. Ngati inu simukudziwa kuti mwapempha ndalama zingati, ndiye kuti m'chipindamo muli munthu mmodzi yekha amene akumvetsa nkhani, ndipo si wa mbali yanu.

Kumsonkhano wa mamembala onse anthu anafuula 100 peresenti. Sindinawadabwe. Thumba la chimanga, shuga, mafuta ophikira, minibasi yochokera ku Ndirande kapena ku Chilomoni, zonse zinali zitakwera. Koma tcheya wathu, bambo wachikulire amene wagwira pafakitalepo zaka zambiri, anaimirira n'kunena kuti, “Abale anga, tikanena 100 kuno ndiye mawa tibwere ndi 25, mudzati tagulidwa. Tiyeni tigwirizane lero chimene tingathe kuchiteteza ndi umboni.” Tinatenga ziwerengero za kukwera kwa mitengo za ofesi ya boma ya NSO, ndi mtengo wa zofunika pabanja umene bungwe la Centre for Social Concern limatulutsa, n'kuziika pambali pa malipiro athu. Tinagwirizana kuyambira pa 45 peresenti, chifukwa tinkatha kufotokoza kumene yachokera: kukwera kwa mitengo kwa chaka chimenecho, kuphatikiza zimene tinatsalira chaka chapitacho pamene kwacha inagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 koma malipiro anangosuntha pang'ono.

Mamembala anapatsanso komiti mphamvu yosankha malire a pansi, malire amene sitingasainire chilichonse chochepera pamenepo popanda kubwerera kwa iwo. Malirewo sitinawalengeze pamsonkhano. Pagulu la anthu oposa zana nthawi zonse pamakhala wina amene madzulo ake akacheza ndi kapitawo, osati chifukwa cha kuipa mtima, koma chifukwa ndi mlamu wake. Komiti yokha ndi imene inkadziwa kuti munthu wotsikitsitsa asalandire zochepera K105,000. Taonani kuti malire athu sanali peresenti. Anali ndalama yeniyeni ya munthu wa pansi, ndipo zimenezi zinadzatithandiza kwambiri kutsogolo.

Tsopano za mbali inayo, chifukwa nayonso imakonzekera, ndipo kukonzekera kwake si kwa chipongwe. Bwana woona za ogwira ntchito sabwera ndi maganizo ake okha. Amabwera ndi malire amene bodi ya kampani yamupatsa, ndipo sangawadumphe ngakhale atakumverani chisoni chotani. Kampani yathu imaitanitsa kunja timibulu ta pulasitiki topangira matumba, ndipo imalipira ndi dola. Kugwa kwa kwacha kumene kunatiwawa ife kunawawanso iwo, ndalama zakunja zinkasowa m'mabanki, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole chinali chitakwera. Zonsezi zinali zoona. Funso loyenera kufunsa si lakuti “kodi akunama?” koma lakuti “pa mtengo wa thumba limodzi, malipiro athu ndi gawo lalikulu bwanji, ndipo mtengo wa thumbalo mwaukweza ndi zingati?” Pa fakitale ngati yathu, ndalama zambiri zimapita ku zipangizo ndi magetsi, malipiro ndi gawo laling'ono. Ndipo oyendetsa magalimoto athu, amene amanyamula mainivoisi tsiku ndi tsiku, ankadziwa kuti mtengo wa matumba unali utakwezedwa kale kawiri chigwereni kwacha. Mamembala anu amadziwa zambiri za kampani kuposa mmene iwo eni amaganizira. Ntchito ya komiti ndi kuzitolera.

Tsiku loyamba abwana anaika pa tebulo 15 peresenti kwa aliyense. Analankhula bwino, n'kunena kuti makampani ena sakupereka ngakhale 10. Mmodzi wa ife anayamba kugwedeza mutu ngati wakhutira. Ndinapempha kuti tipume pang'ono tikambirane patokha, chimene ndi chololedwa ndipo musamachite nacho manyazi. Tili panja tinawerengetsa. Munthu wa K80,000 akawonjezeredwa 15 peresenti amafika pa K92,000. Koma lamulo linali litanena kale kuti kuyambira Febuluwale palibe wolandira zochepera K90,000. Ndiye kuti kwa anthu 120 mwa anthu 200, chimene kampani inkapereka mwa kufuna kwake chinali K2,000 yokha. K10,000 inayo inali ya lamulo, ikanabwera ngakhale pakanapanda yuniyoni. Pamene mmisiri wa K300,000, ndi 15 peresenti yomweyo, akanalandira K45,000 yowonjezera.

Titabwerera m'chipinda, tcheya sanakweze mawu. Anati, “Bwana, tathokoza. Koma K90,000 ija wapereka ndi boma, si inu. Tiyeni tiyambire pamenepo kuwerenga zimene mukupereka inuyo.” Bwanayo anayang'ana akauntanti, akauntanti anayang'ana pepala. Iyi ndi njira yodziwika ya olemba ntchito chaka chimene malipiro otsikitsitsa akwezedwa: kutenga chimene lamulo lawakakamiza n'kuchikulunga m'kati mwa zimene akupereka. Sindikuwada nazo, pakuti kwa iwo ndalamayo ikutulukadi m'thumba limodzi. Koma komiti imene siinaone zimenezi ikanapita kwa mamembala n'kukalengeza 15 peresenti ngati chipambano.

Zokambirana za malipiro zimasiyana ndi kunenerera mbuzi pa msika, kumene mukalephera kumvana aliyense amapita kwawo. Pano Lolemba m'mawa mudzakumananso pageti, ndipo chaka chamawa mudzakhalanso pa tebulo lomweli. Nchifukwa chake tinagwirizana malamulo athu a m'chipinda: wolankhula ndi mmodzi, ena amalemba ndi kumvetsera, palibe kutsutsana pamaso pa abwana, palibe kutsika pa chimene tapempha popanda kulandira kanthu, ndipo msonkhano uliwonse uzikhala ndi maminitsi osainidwa ndi mbali zonse. Lamulo la kusatsika popanda kulandira kanthulo ndi limene limavuta kusunga. Abwana akakhala chete kwa nthawi, munthu umamva ngati uyenera kudzaza bata limenelo, ndipo umapezeka wanena kuti “chabwino, 40”, iwo asanasunthe n'komwe. Ife tinkanena motere: “Mukafika pa 20, ifenso tikhoza kuonanso 45 yathu.” Mawu akuti “mukatero, ifenso titero” amateteza, chifukwa iwo akakana, inu simunataye kanthu.

Milungu inayamba kupita. Iwo anafika pa 18, ife pa 40, kenaka misonkhano inayamba kulephereka. Lero bwana wamkulu wapita ku Lilongwe, mawa bodi siinakumane. Apa mpamene muyenera kuyang'ana kalendala ya bizinesi yanu. Matumba amagulidwa kwambiri nyengo yokolola ikamayandikira, kuyambira Epulo kupita kutsogolo. M'miyezi ya Malichi ndi Epulo makina sazima usana ndi usiku, ndipo tsiku limodzi lopanda ntchito limatanthauza oda yotayika imene wopikisana nawo aitola. Pofika Ogasiti nyumba yosungira katundu imakhala yodzaza ndipo sitalaka siingawaopse. Choncho kuchedwetsa kunali kowakomera iwo: mwezi uliwonse wodutsa unali ndalama zosungidwa, ndipo mphamvu zathu zinkachepa. Tinachita zinthu ziwiri. Tinawapempha kuti tisainirane msanga mfundo imodzi yokha, yakuti chilichonse chimene tidzagwirizane chidzayambira pa 1 Malichi ndipo maariyasi, ndalama zotsalira za miyezi yodutsayo, adzaperekedwa. Atavomera zimenezo, kuchedwa kunasiya kuwapindulira. Kenaka tinawalembera kuti pofika tsiku lakuti tikapanda kumvana, tidzakanena za kusamvanaku ku unduna wa za ntchito monga mmene lamulo limanenera.

Apa ndiyenera kunena za sitalaka mosabisa, chifukwa achinyamata ambiri m'nthambi yathu ankaifuna tsiku lomwelo. Kusamvana pa malipiro atsopano ndi mtundu wa mkangano umene lamulo limalola kunyanyalira ntchito, kusiyana ndi mkangano wa ufulu umene ulipo kale, monga ovataimu yosalipidwa, umene umapita ku khoti loona za ntchito la Industrial Relations Court. Koma pali njira yake. Nkhani imayamba yakanenedwa kwa mlembi wamkulu wa unduna wa za ntchito, pamakhala masiku 21 oyesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zikakanika mumapereka chidziwitso cha masiku 7 musanayambe. Mukadumpha njira imeneyi, mwapatsa abwana chikwapu chokukwapulirani nacho, ndipo oyamba kuchotsedwa amakhala a komiti. Onaninso kuti masiku amenewa akaphatikizidwa ndi pafupifupi mwezi wathunthu. Ngati mukufuna kuti mphamvu yanu idzaoneke mu Epulo, kalata yopita ku unduna iyenera kutuluka kumayambiriro kwa Malichi.

Chinanso ndi chakuti lamulo linasinthidwa mu 2021, ndipo tsopano olemba ntchito akhoza kudula malipiro a masiku a sitalaka opitirira atatu pa chaka. Tinawerengetsa pamaso pa mamembala. Munthu wa giledi yotsika tsiku lake limodzi ndi ndalama zopitirira pang'ono K3,000. Sitalaka ya masiku khumi ikanamudyera masiku 7, ndalama zoposa K21,000. Ngati chimene chatsala pakati pa ife ndi abwana ndi K5,000 pamwezi, pangatenge miyezi yoposa inayi kuti munthuyo abweze zimene wataya, ndipo apo n'kuti sitalakayo yapambana. Mayi wina wosoka matumba anafunsa kuti, “A mlembi, nanga lendi ya mwezi umenewo alipira ndani?” Funso limenelo linakhazika mtima pansi anthu ambiri kuposa zonse zimene komiti inanena. Sitinataye sitalaka ngati chida. Tinangomvetsa kuti imagwira ntchito kwambiri isanachitike, pamene abwana akuwerengetsa maoda a Epulo ndipo akuona kuti anthu ndi ogwirizana ndiponso akutsata lamulo. Nawonso ali ndi masamu awo: amayerekeza phindu la masiku amene makina angaime ndi ndalama zimene tikupempha, ndipo amayesa kuona ngati anthu angapirire kupitirira masiku atatu olipidwa aja.

Kusintha kwenikweni kunabwera titasiya kukangana za kukula kwa peresenti n'kuyamba kukambirana za kagawidwe kake. Pa nthawiyo iwo anali pa 22, ife pa 33. Mmene ankalankhulira, tinazindikira kuti malire a bodi ali penapake pafupi ndi 25. Munthu akayandikira malire ake, masitepe ake amafupika: anachoka pa 15 kufika 18, kenaka 21, kenaka 22. Iwonso ankawerenga masitepe athu chimodzimodzi. Tikanapitiriza motero tikanakumana pa 25 kapena 26 kwa aliyense, ndipo munthu wa K80,000 akanafika pa K100,000 kapena K100,800 basi, pansi pa malire athu aja. Ndiye tinabweretsa china: aliyense alandire K20,000 yofanana, kenaka 10 peresenti pamwamba pa malipiro ake akale. Wotsika akanafika pa K108,000, woyendetsa makina pa K185,000, mmisiri pa K350,000. Kwa kampani zonsezi zinali K6.46 miliyoni pamwezi, imene ndi pafupifupi 26 peresenti yomwe ija. Ndalama yotuluka m'kampani ndi imodzimodzi, koma munthu wotsika wakwera ndi 35 peresenti.

Zimenezi zinabweretsa moto m'nyumba mwathu momwe, ndipo aliyense wofuna kuyesa njira imeneyi akonzekere. Amisiri anaona kuti pa 26 peresenti ya aliyense akanalandira K78,000, koma panjira yathuyi alandira K50,000. Oyendetsa makina nawonso anali ndi dandaulo lomveka. Kuyambira Epulo 2024 malipiro osadulidwa msonkho anafika pa K150,000, ndiye iwo amene anali pa K150,000 ndendende, kwacha iliyonse yowonjezera inkadulidwa 25 peresenti, pamene wa giledi yotsika sankafika pa msonkho n'komwe. Mmisiri wina anandiuza maso ndi maso kuti, “Achimwene, ife tinapita ku sukulu ya ntchitoyi. Mukufuna tifanane ndi wonyamula katundu?” Sindinamuone ngati wodzikonda. Kusiyana kwa magiledi kukachepa kwambiri, munthu saonanso chifukwa chophunzirira makina ovuta. Ndipo amisiri 20 amenewo ndi amene angaimitse fakitale yonse. Yuniyoni ikawataya, yataya mano. Abwana ena amadziwa zimenezi, ndipo amaitana amisiri paokha n'kuwalonjeza kanthu kuti achoke m'gulu.

Chimene chinatipulumutsa n'chakuti pa nkhani ya amisiri, zofuna zathu ndi za kampani zinakumana. Kampani inkaopa kutaya amisiri ake, chifukwa wa magetsi wodziwa makina amenewo sapezeka msanga, ndipo ena anali atayamba kale kufunsira ntchito kwina. Choncho tinauza abwana kuti vuto la amisiri ndi lawonso, ndipo alithetse ndi ndalama ina yapadera, osati yochotsa kwa anthu otsika. Anavomera alawansi ya K15,000 pamwezi kwa amisiri, ya kukhala okonzeka kuitanidwa usiku makina akawonongeka, ntchito imene ankaigwira kale popanda kanthu. Kwa kampani inali K300,000 yokha pamwezi. Oyendetsa makina tinawapezera kukwera kwa alawansi ya shifiti ya usiku, popeza ambiri a iwo ndi amene amagwira usiku.

Pa nkhani ya maalawansi muyenera kusamala. Abwana anayesa kuti K20,000 ija ikhale alawansi ya thiransipoti, osati gawo la malipiro enieni. Chifukwa chake n'chosavuta kuona: alawansi yotere kawirikawiri siilowa powerengera ovataimu ndi penshoni, ndipo chaka chamawa peresenti yatsopano idzawerengedwa pa malipiro aang'ono. M'thumba mwezi umenewo zimaoneka zofanana, mwinanso alawansi imaoneka yokoma chifukwa 5 peresenti yanu ya penshoni siidulidwapo. Koma pa fakitale imene anthu amagwira ovataimu yambiri nyengo yokolola, yolipidwa kamodzi ndi theka pa tsiku wamba ndi kawiri pa tsiku lopuma, kusiyanako n'kwakukulu. Apa tinakana ndithu. Tinavomera alawansi pa zinthu zimene ndi za anthu ena okha, monga usiku ndi kuitanidwa mwadzidzidzi, koma ndalama ya aliyense inalowa m'malipiro enieni.

Nanga iwo anapeza chiyani? Pakuti mgwirizano umene mbali imodzi yokha yapambana sukhalitsa, ndipo bwana amene mwamuchititsa manyazi pamaso pa bodi yake chaka chamawa amabwera ataumitsa mtima, kapena amabwera wina woipirapo. Anapempha kuti ndalamayo ilowe m'magawo awiri: K20,000 kuyambira Malichi, ndipo 10 peresenti kuyambira Julayi, ndalama za matumba a nyengo yokolola zitayamba kulowa. Poti 10 peresentiyo inalipidwa miyezi isanu ndi itatu yokha m'chaka cha mgwirizanowo, ndalama zonse zimene kampani inawonjezera pa malipiro chaka chimenecho, kuphatikizapo alawansi ya amisiri, zinali cha m'ma 24 peresenti. Bwana anakauza bodi yake kuti sanadumphe malire. Ife tinakauza mamembala kuti pofika Julayi wotsikitsitsa adzakhala pa K108,000, ndipo zokambirana za chaka chotsatira zidzayambira pamenepo. Onse awiri tinkanena zoona. Mtengo wake kwa ife unali wakuti munthu wotsika anadikira K8,000 yake kwa miyezi inayi, ndipo tinawauza anthu zimenezo poyera. Anapemphanso kuti tivomere kusintha kwa nthawi yosinthana mashifiti kuti makina asamaime pakati, chinthu chimene ankachifuna kwa nthawi yaitali. Tinali titachisunga dala osachivomera msanga, podziwa kuti kwa ife n'chotsika mtengo koma kwa iwo n'chamtengo wapatali.

Kalata yopita ku unduna inali italembedwa kale, koma siinatumizidwe. Abwana ankadziwa kuti ilipo.

Tisanasaine tinabwerera kwa mamembala, shifiti iliyonse payokha. Sitinalankhule za maperesenti. Tinalemba pa bolodi magiledi atatu, malipiro akale, malipiro a Malichi, malipiro a Julayi, ndi zotsala msonkho ndi penshoni zikachotsedwa. Tinanenanso zimene tinapempha koma sitinapeze, monga chakudya chamasana cha ulere. Ena anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti ngakhale 35 peresenti inkangofanana ndi kukwera kwa mitengo, ndipo kwa magiledi apamwamba malipiro anatsalira kumbuyo kwa mitengo. Koma anavota kuvomereza. Komiti imene imasaina kaye n'kudzauza anthu pambuyo imadzipalira dzina la ogulidwa, ngakhale itabweretsa zabwino, ndipo abwana amatayanso chikhulupiriro mwa komiti imene siingathe kunyamula anthu ake.

Polemba mgwirizano tinakhala nthawi yaitali kuposa mmene ena ankayembekezera, chifukwa mawu olankhulidwa m'chipinda amaiwalika, chotsala ndi pepala. Tinaonetsetsa kuti malipiro a giledi iliyonse alembedwa m'makwacha, osati m'maperesenti okha. Kuti 10 peresenti ikuwerengedwa pa malipiro a Januwale ndipo zalembedwa choncho, kuti pasadzakhale mkangano. Kuti tsiku lolipira maariyasi latchulidwa. Ndiponso kuti olembedwa ntchito atsopano adzayambira pa malipiro atsopanowa. Mfundo yomalizayi ikasowa, kampani ikhoza kumalemba anthu atsopano pa malipiro otsikitsitsa a boma, ndipo pakapita zaka zochepa giledi yonse yabwerera pansi.

Panali mfundo ina imene tinalimbirana madzulo onse. Tinkafuna kuti giledi yotsika izikhala nthawi zonse 20 peresenti pamwamba pa malipiro otsikitsitsa a boma. Abwana anakana, ponena kuti sangasainire ndalama imene adzaisankhe ndi munthu wina, ndipo ndikanakhala mbali yawo ndikanakananso. Tinakumana pakati: boma likakweza malipiro otsikitsitsa, kapena kwacha ikagwetsedwanso, mbali ziwirizi zidzakumana pasanathe masiku 30 kuti zionenso magiledi onse, osati yotsika yokha. Mfundoyo tinaisunganso mu mgwirizano wa chaka chotsatira. Mu 2025 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K126,000, kudumpha K108,000 imene tinaivutikira ija, ndipo kusiyana kwa wonyamula katundu ndi woyendetsa makina kunachepanso. Komiti inatulutsa pepala lija, n'kulemba kalata yoitanitsa msonkhano sabata yomweyo, ndipo abwana sanathe kunena kuti tidikire Malichi.